Kulembanso ndemanga za pa malipoti a masamu: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Pomwe tayambira

Ntchito imene ndikuitsata m'zolemba izi ndi yokonzanso ndemanga za aphunzitsi a masamu pa malipoti a kumapeto kwa teremu, m'kalasi imodzi ya ophunzira 44. Malipoti onse amadutsa m'manja mwanga monga mkulu wa nthambi asanasainidwe, ndipo nditawerenga khumi oyambirira ndinali nditadziwa kale zimene zalembedwa pa otsalawo. Aphunzitsiwo ndi munthu wakhama amene amachonga makope mosamala, choncho vuto si ulesi. Vuto ndi lakuti zimene amadziwa za mwana aliyense sizinafike pa lipoti.

Tagwirizana kuti ndemangazo azilembanso okha, ine ndizingowerenga, kufunsa mafunso ndi kusunga kaundula wa zimene tasintha. Ndemanga yolembedwa ndi munthu amene sanamuphunzitse mwanayo ingamveke bwino, koma kholo likabwera kudzafunsa tanthauzo lake, amene adzayankhe ndi mwini kalasi. Malire a ntchitoyi ndi awiri: bokosi la ndemanga pa lipoti limalola zilembo 300 zokha, kuphatikizapo mipata, ndipo malikisi sakusinthidwa.

Kuwerengera kukula kwa vuto

Tisanasinthe kanthu tinafuna kudziwa kuti ndemanga zofanana zilipo zingati. Tinaika zonse mu tebulo la Excel, dzina la wophunzira m'kolamu B, ndemanga m'kolamu F. Kompyuta ikayerekeza ndemanga zili ndi mayina, imaona ngati zonse n'zosiyana, chifukwa dzina lokha limasiyanitsa chiganizo. Choncho m'kolamu G tinayamba tachotsa dzina, ndipo m'kolamu H tinawerengera kangati pamene mawu otsalawo akupezeka.

```
=SUBSTITUTE(F2,B2,"")
=SUMPRODUCT(--($G$2:$G$45=G2))
```

Ambiri akanagwiritsa ntchito COUNTIF pa mzere wachiwiriwo, koma mu Excel fomula imeneyo siiyerekeza bwino mawu opitirira zilembo 255, ndipo ndemanga zatsopano zidzafika pafupi ndi 300.

Zotsatira zake ndi izi. Pa ndemanga 44 panali ziganizo zosiyana zisanu ndi chimodzi zokha. Chakuti "Wachita bwino, apitirize kulimbikira" chinali pa malipoti 19, ndipo malikisi a ophunzira 19 amenewa anayambira pa 52 mpaka 78. Pa lipoti limodzi panatsalira dzina la mwana wina pakati pa chiganizo, chizindikiro chodziwikiratu chakuti ndemangayo inakopedwa kuchokera pamwamba pake. Ana amaonetsana malipoti asanatuluke n'komwe pa sukulu, ndipo kholo limene lili ndi ana awiri ophunzitsidwa ndi munthu mmodzi limaika mapepala awiriwo pamodzi. Kufanana kotere sikubisika.

Njira imene tayesa n'kuisiya

Maganizo oyamba a aphunzitsiwo anali osinthanitsa mawu. Pamene panali "wachita bwino" pakhale "wayesetsa" kapena "waonetsa luso", ndipo pamene panali "apitirize kulimbikira" pakhale "asafooke" kapena "awonjezere khama". Anakonza ndemanga khumi motero, ndipo kolamu H inaonetsa 1 pa mzere uliwonse, kutanthauza kuti palibenso ziwiri zofanana. Pa kompyuta vuto linali litatha.

Kenako ndinaphimba mayina ndi malikisi, ndinasakaniza ndemanga khumizo, n'kuwapempha kuti anene mwini wa iliyonse. Anangolondola imodzi, ya mwana amene anajomba kwa nthawi yaitali, chifukwa inali yokhayo yotchula chinthu chochitika. Zina zonse zikanatha kupita kwa aliyense m'kalasimo popanda kunama. Apa ndi pamene tinapeza muyezo umene tikugwiritsa ntchito pa ntchito yonseyi: ndemanga ndi ya mwana mmodzi ngati munthu amene ali ndi mapepala a kalasi yonse angathe kupeza mwini wake dzina litabisidwa. Ngati ingasamutsidwe kupita pa lipoti la mnzake wokhala naye pafupi n'kukhalabe yoona, ndiye kuti sinanene kanthu za iye.

Pali chifukwa china chimene ndikukanira njira yosinthanitsa mawu. M'chaka cha 1948 katswiri wa za maganizo a anthu Bertram Forer anapatsa ophunzira ake mayeso ofufuza khalidwe, kenako anapatsa aliyense pepala limene ankati likufotokoza iye yekha. Pepalalo linali limodzimodzi kwa onse, lodzaza ndi ziganizo zokwanira munthu aliyense, komabe atafunsidwa kuti aliyeze pa sikelo ya 0 mpaka 5, ophunzirawo analipatsa pafupifupi 4.3. Izi zikuonetsa kuti n'zotheka kulemba ndemanga yomveka ngati ya munthu mmodzi pamene ili ya aliyense, monga yakuti "ali ndi luso lalikulu limene sanaligwiritse ntchito mokwanira". Kholo likhoza kukondwa nayo, koma mwana sangachite nayo kanthu. Cholinga chathu si chakuti ndemanga ingomveka yaumwini, koma kuti ikhaledi yochokera m'ntchito ya mwanayo, ndipo kumveka kwakeko kutsatire pambuyo.

Kubwerera ku mapepala a mayeso

Taimitsa kulemba, ndipo tabwerera ku zinthu zitatu zimene zilipo kale: mapepala a mayeso a kumapeto kwa teremu, a mayeso a pakati pa teremu, ndi makope a ntchito ya m'kalasi. Buku la malikisi palokha silikuthandiza, chifukwa limasunga chiwerengero chonse cha mwana koma silisunga funso limene anataya malikisiwo.

M'tebulo tawonjezera makolamu atatu, ndipo palibe chiganizo chimene chikulembedwa asanadzazidwe. Yoyamba ndi chinthu chimodzi chimene mwana akuchita bwino, ndi malo amene tachiona. Yachiwiri ndi cholakwa chimodzi chimene chikubwerezeka, osati chongochitika kamodzi chifukwa cha changu. Yachitatu ndi chinthu chimodzi chimene angachite yekha teremu ikubwerayi. M'makolamu amenewa timalemba mwachidule, monga "funso 4 ndi 9, akuphatikiza manambala a pansi", ndipo chiganizo cha pa lipoti chimabadwa kuchokera pamenepo.

Gawo ili ndi limene likudya nthawi yochuluka. Kulemba chiganizo kumatenga kanthawi kochepa umboni ukakhalapo, pamene kutsegula mapepala awiri ndi kope limodzi la mwana aliyense kumafuna kudekha. Aphunzitsiwo anandifunsa ngati kuli koyenera kutaya nthawi yonseyi pa mizere itatu. Yankho langa linali lakuti mizere itatuyo ili pafupi ndi malikisi, ndipo malikisi ndiwo amakopa maso. Kafukufuku amene Ruth Butler anafalitsa mu 1988 anayerekeza ana opatsidwa malikisi okha, opatsidwa ndemanga zokha, ndi opatsidwa zonse ziwiri. Amene analandira ndemanga zokha ndiwo anachita bwino pa ntchito yotsatira, pamene olandira zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi olandira malikisi okha. Pa lipoti sitingachotse malikisi, choncho ndemanga imene ikungobwereza zimene malikisi anena kale, kuti 78 ndi "bwino" ndipo 41 ndi "kufooka", ilibe mwayi uliwonse wowerengedwa kachiwiri. Iyenera kunena chinthu chimene nambalayo singanene.

Ophunzira awiri a malikisi 58

Chitsanzo chimene chatiphunzitsa zambiri ndi cha ana awiri amene ndiwatchula ndi manambala awo a m'kaundula, 7 ndi 31. Onse anapeza 58, ndipo onse anali m'gulu la 19 aja olembedwa kuti achita bwino ndipo apitirize kulimbikira.

Pepala la nambala 7 ndi lodzaza kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza. Mafunso a kuchulukitsa ndi kugawa manambala athunthu anawakhoza onse, ndipo njira yake inalembedwa mzere ndi mzere. Malikisi anatayika pa mafulakishoni. Pa funso la 1/2 + 1/3 analemba 2/5, ndipo pa 3/4 + 1/8 analemba 4/12. Akuphatikiza manambala a pamwamba paokha ndi a pansi paokha, ngati kuti fulakishoni ndi manambala awiri osagwirizana. M'mayeso a pakati pa teremu cholakwacho chiliponso, ndipo m'kope muli masamba amene anakopa yankho lolondola pa bolodi pafupi ndi lake lolakwika, osasintha njira. Uku si kuiwala kwa tsiku limodzi, ndi lamulo limene mwanayo anadzipangira ndipo amalitsata mokhulupirika. Kumuuza kuti alimbikire kungangomuthandiza kubwereza lamulo lolakwikalo nthawi zambiri.

Pepala la nambala 31 ndi losiyana kotheratu. Mafulakishoni onse anawakhoza: 1/2 + 1/3 anapeza 5/6, ndipo 3/4 + 1/8 anapeza 7/8, atasintha 3/4 kukhala 6/8. Pa mafunso amene anayankha anataya malikisi ochepa kwambiri. Koma mafunso anayi omaliza, amene anali ndi malikisi ambiri, sanawakhudze. Tikayang'ana masamba oyambirira tikuona chifukwa chake: funso lililonse analiwerengera kawiri, ndipo mayankho ena olondola anawafufuta n'kuwalembanso mwaudongo. Vuto lake si masamu, koma kagawidwe ka nthawi.

Kulemba koyamba kwa ndemanga ya nambala 7 kunali kotere: "Amachita bwino pa kuchulukitsa koma amavutika ndi mafulakishoni. Aziyeserera kwambiri mafulakishoni." Iyi inali bwino kuposa yakale, komabe ndinaibweza, chifukwa m'kalasimo muli ana pafupifupi khumi amene "amavutika ndi mafulakishoni", aliyense m'njira yake, ndipo kuyeserera sikunena chimene chisinthe. Imene tavomereza ndi iyi: "Amalemba njira yake momveka ndipo anakhoza mafunso onse a kuchulukitsa ndi kugawa. Pophatikiza mafulakishoni akuphatikizanso manambala a pansi, monga 1/2 + 1/3 = 2/5. Azifananitsa kaye manambala a pansi, ndipo azifunsa ngati yankho lake likuposa fulakishoni imene anayambira." Chiganizo chomalizacho tinachiika dala, chifukwa 2/5 ndi yaing'ono kuposa 1/2, ndipo munthu sangawonjezere kanthu pa theka n'kutsala ndi zochepera theka. Mwana akhoza kudzigwira yekha ndi funso limenelo popanda mphunzitsi, ndipo kholo limene linaiwala masamu likhoza kumufunsa funso lomwelo.

Ya nambala 31 yakhala yotere: "Pafupifupi mafunso onse amene anayankha anawakhoza, kuphatikizapo mafulakishoni. Malikisi ambiri anatayika pa mafunso anayi omaliza amene sanawafike chifukwa chowerengera funso lililonse kawiri. Aziyamba wayankha pepala lonse, ndipo abwereze mayankho ndi nthawi yotsala." Kholo lowerenga 58 yokha likanaganiza zomupezera mwanayu maphunziro owonjezera a masamu, zimene sakufunikira. Ndemangayi ikulilozera kwina.

Kamangidwe ka ndemanga ziwirizi n'kofanana: chabwino, chovuta, chochita. Aphunzitsiwo anada nkhawa kuti makolo adzaona kufananako n'kunena kuti takopanso. Ine sindikuona vuto pamenepo. Lipoti la dokotala limakhala ndi mitu yofanana kwa odwala onse, ndipo palibe amene amati lakopedwa, chifukwa zolembedwa pansi pa mituyo n'za munthu mmodzi. Tangogwirizana kuti mawu oyambira asakhale amodzimodzi pa malipoti otsatizana, ndiponso kuti pamene chovutacho chili chachikulu kuposa chabwino, tisakakamize chiyamikiro patsogolo kuti tingokwaniritsa dongosolo.

Zimene tachotsa m'ndemanga

Tachotsa mawu onse ofotokoza mwana m'malo mofotokoza ntchito yake, monga "wanzeru", "waulesi", "wamphwayi" ndi "wofooka". Kuwunika kwakukulu kumene Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anafalitsa mu 1996 kunapeza kuti pa zoyeza zonse zimene anasonkhanitsa, m'gawo loposa limodzi mwa magawo atatu ndemanga zinatsitsa kagwiridwe ka ntchito m'malo mokakweza, ndipo iwo anafotokoza kuti ndemanga imachepa mphamvu ikamakokera maganizo a munthu kwa iye mwini m'malo mwa ntchito imene ili patsogolo pake. Kupatula apo, mawu oterewa sangatsimikizidwe. Kholo likafunsa kuti ulesiwo waonekera pati, yankho lidzakhala chinthu chochitika, ndiye kuli bwino kulemba chinthucho poyamba. Pa lipoti lina pamene panali "ndi waulesi" tsopano pali "pa ntchito khumi za kunyumba anabweretsa zinayi, ndipo zinayizo anazikhoza bwino". Chiganizo chachiwirichi n'cholimba kuposa choyamba, koma sichinyoza, ndipo chikuonetsanso kuti mwanayo ntchito amaitha.

Tachotsanso kuyerekeza mwana ndi anzake kapena ndi abale ake, pamodzi ndi zongoganizira za kunyumba. Pa lipoti la mwana amene anajomba uja panali mawu onena chimene aphunzitsi ankaganiza kuti chinamujombetsa. Tasiya chimene chili m'kaundula, ndi mitu iwiri imene anaiphonya, kuti adziwe poyambira.

Ana a pakati, amene samveka

Ndemanga za ana a pamwamba ndi a pansi zatuluka mosavuta. Za mwana amene anapeza 91 tinangofunika kusamala kuti isakhale chiyamikiro chokha: malikisi 9 amene anataya anali a njira, chifukwa amawerengera m'mutu n'kulemba yankho lokha, ndipo chochita chake n'chodziwikiratu. Ana amene amasokoneza m'kalasi nawonso aphunzitsi amawadziwa bwino lomwe.

Pamene taima ndi pa ana asanu ndi atatu a pakati, amene sajomba, sayankhula, sabweretsa vuto, ndipo malikisi awo ali pakati pa 60 ndi 70. Aphunzitsiwo atafika pa dzina loyamba la gulu ili anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati chimene akudziwa za mwanayo ndi malo amene amakhala basi. Ndikuganiza kuti ndemanga zokopa zimayambira pa ana oterewa, osati pa kutopa kokha. Munthu akafika pa dzina limene alibe chonena, amatenga chiganizo chapafupi chimene sichingakhale chabodza, ndipo akatero kamodzi kumakhala kosavuta kutero pa dzina lotsatira.

Kwa anawa pepala la mayeso silinakwanire, chifukwa malikisi awo anatayika pang'onopang'ono pa mafunso osiyanasiyana. Tinafunika kuwerenga makope kuyambira tsamba loyamba la teremu. Mwa mmodzi tinapeza kuti poika madesimali m'dongosolo amaika 0.25 pamwamba pa 0.3, ndi 0.125 pamwamba pa 0.5, kusonyeza kuti amaona desimali yaitali ngati yaikulu, monga zimakhalira ndi manambala athunthu. M'mayeso cholakwachi chinangomutayitsa malikisi awiri, choncho sichinaoneke, koma chidzakula akafika pa maperesenti ndi miyezo. Chochita chake ndi kuwonjezera maziro kuti manambala akhale ndi malo ofanana, 0.30 pafupi ndi 0.25, asanayerekeze. Mwa wina tinapeza chinthu chabwino chimene palibe anachiona: pa mafunso a mawu amajambula kachithunzi kofotokoza nkhaniyo asanawerengere, ndipo mafunso onse amene anajambula anawakhoza, pamene amene sanajambule anawalakwa. Ndemanga yake ikungomuuza chimene amachita kale, ndi kuti azichita pa funso lililonse la mawu.

Kwa atatu mwa asanu ndi atatuwo makope sanatipatse kanthu komveka. Sitinapeke. Aphunzitsiwo anakhala ndi aliyense kwa mphindi zochepa pamene kalasi inali pa ntchito, namupatsa funso limodzi kuti aliwerengere mokweza, kenako namufunsa mutu umene unamuvuta kwambiri teremu ino. Awiri anapereka zokwanira kulemba ndemanga. Wachitatu akadali wopanda ndemanga yatsopano, ndipo ndalemba dzina lake pa zotsala.

Pamene ana awiri ali ndi vuto limodzi

Muyezo wathu uli ndi malire ake, ndipo tawafika. Kupatula nambala 7, ana ena atatu akuphatikiza manambala a pansi m'njira yomweyo. Malangizo oyenera kwa onse anayi ndi amodzi, ndipo kuwasinthasintha kuti angooneka osiyana kungakhale kubwerera ku njira imene tinaisiya poyamba. Tagwirizana kuti chiganizo cha malangizo chikhoza kufanana, malinga ngati chitsanzo chikuchokera pa pepala la mwanayo ndipo chabwino chimene tatchula n'chake. Mmodzi mwa atatuwo analakwa funso la 1/2 + 1/3 koma anakhoza la 3/4 + 1/8, choncho ndemanga yake ikunena kuti njira yolondola amaidziwa pamene nambala ina ya pansi ikugawika mwa inzake, ndipo imamuthawa pamene ayenera kupeza nambala yachitatu. Kusiyana kumeneku kunalipo kale pa mapepala, sitinakupange ife.

Chinthu china chimene chaonekera apa sichikukhudza malipoti: ana anayi a cholakwa chimodzi, ndi ena angapo osokonezeka pa mafulakishoni m'njira zina, ndi chizindikiro chakuti mutuwo uyenera kuphunzitsidwanso kumayambiriro kwa teremu ikubwerayi. Aphunzitsiwo auika kale pa dongosolo lawo.

Kutalika ndi kutopa

Tawonjezera kolamu yowerengera zilembo kuti ndemanga isadulidwe ndi bokosi posindikiza.

```
=LEN(F2)
```

Kolamu imeneyi yationetsanso chinthu chimene sitinkachifuna. Ndemanga zolembedwa kumayambiriro kwa chigawo chilichonse cha ntchito zinali pafupi ndi malire a bokosi, pamene za kumapeto kwake zinali zazifupi kwambiri, ndipo mwa zazifupizo mawu akale aja, "apitirize kulimbikira", anayamba kubwereranso. Popeza mndandanda umatsata alifabeti, ana a mayina a kumapeto ndiwo amalandira mphunzitsi wotopa teremu iliyonse. Tsopano akulemba ndemanga zosapitirira zisanu ndi zitatu pa nthawi imodzi, ndipo akuyambira malo osiyanasiyana a mndandanda. Kufupika pakokha si vuto, chifukwa ndemanga ya zilembo 150 yotchula chinthu chenicheni imaposa ya 300 yozungulira. Timangoigwiritsa ntchito nambalayo ngati chenjezo lotiuza kuti tiwerengenso.

Malire a zilembo 300 atikakamiza kusankha cholakwa chimodzi ngakhale pamene mwana ali ndi zitatu. Timasankha chimene chikutsekereza zina. Mwana amene sadziwa matebulo a kuchulukitsa adzavutika pa kugawa ndi pa kuchepetsa mafulakishoni, choncho timatchula matebulowo, ndipo timanena kuti ndi ati, a 7 ndi a 8, m'malo mondandalika mitu itatu imene ingamufooketse.

Kuyesanso ndi mayina obisika

Ndemanga zimene zakonzeka ndinazipereka, mayina ndi malikisi zitabisidwa, kwa aphunzitsi ena a nthambi yathu amene saphunzitsa kalasiyi, pamodzi ndi mulu wa mapepala a mayeso, kuti agwirizanitse ndemanga ndi pepala. Pa khumi ndi ziwiri zimene anayesa analondola khumi. Ziwiri zimene anasokoneza zinali za ana a m'gulu la mafulakishoni lija, ndipo titaziwerenganso tinaona kuti chiganizo choyamba pa zonse ziwiri chinali chakuti "amagwira ntchito mwaudongo", chimene n'choona koma n'cha theka la kalasi. Zabwezedwa kuti chabwino chotchulidwacho chikhale ndi malo ake pa pepala.

Owerenga omwewo anatichenjeza za chinthu china chimene ife, okhala m'masamu tsiku ndi tsiku, sitinachione. Ndemanga zina zinafika pokhala za mphunzitsi kwa mphunzitsi mnzake, zodzaza ndi mawu a m'buku amene kholo silingawatsate. Pa zimenezo tasintha dzina la mutu n'kuika chitsanzo cha manambala, chifukwa 0.25 ndi 0.3 aliyense akhoza kuziona. Anaonanso kuti malipoti ena akulankhula ndi mwana, "uziyamba", pamene ena akulankhula za mwana, "aziyamba". Popeza lipoti limapita kwa kholo, tasankha njira yachiwiri pa onse.

Pomwe tafika

Ndemanga 39 zavomerezedwa ndipo zalowetsedwa. Ziwiri za gulu la mafulakishoni zikulembedwanso. Imodzi ikudikira kuti aphunzitsi akhalenso ndi mwana wa pakati uja. Ziwiri zotsala ndi za ana amene analowa m'kalasiyi teremu itapita patali, amene alibe mayeso a pakati pa teremu, ndipo pa iwo tagwirizana kunena poyera kuti ndemanga yachokera pa pepala limodzi ndi pa ntchito ya masabata omaliza. Zonse zikatha ndidzawerenga lipoti lililonse pafupi ndi kaundula kuti dzina la m'chiganizo ndi la pamwamba ligwirizane, ndiponso kuti nambala iliyonse yotchulidwa, monga mafunso anayi kapena ntchito khumi, ikhale yoona, chifukwa ndemanga yotchula zenizeni ikalakwitsa, kholo limaona cholakwacho msanga kuposa pa ndemanga yosanena kanthu.

Za teremu ikubwerayi, aphunzitsiwo asunga makolamu atatu aja m'buku lawo la malikisi ndipo azidzaza pochonga, ana ochepa pa sabata, kuyambira ndi a pakati. Tasunganso ndemanga za teremu ino m'tebulo lomwelo, kuti lipoti lotsatira la nambala 7 lidzayambe ndi kunena ngati 1/2 + 1/3 yafika pa 5/6, ndipo la nambala 31 lidzanene ngati anafika pa funso lomaliza.